Kuyabwa kotulukira chimbudzi sikuti nthawi zonse ndi mudzi

"Patha miyezi iwiri ndikumva kuyabwa kotulukira chimbudzi, makamaka usiku. Ndinagula mankhwala opaka a mudzi koma palibe chasintha. Mwana wanga wazaka zisanu nayenso wayamba kudzikanda. Kodi mudzi umapatsirana?"

Ayi bambo, mudzi supatsirana. Ine ndikukayikira tinjoka ta m'mimba, tija toyera tonga ulusi, totalika pafupifupi sentimita imodzi. Timakhala m'matumbo, koma usiku munthu akagona tatikazi timatuluka n'kuikira mazira pakhungu lozungulira potulukira chimbudzi. Kuyabwako kumachokera pamenepo. Mwana akadzikanda mazira amalowa m'zikhadabo, m'mawa n'kugwira mbatata kapena kupisa dzanja m'mbale ya ndiwo, basi nyumba yonse yatenga.

Mukhoza kutsimikiza nokha. Mwanayo akagona, dikirani maola awiri kapena atatu, muunike ndi tochi pakati pa matako. Nthawi zambiri mumationa tikuyenda.

Mankhwala ake ndi mebendazo wa mamiligalamu 100 kapena alubendazo wa mamiligalamu 400, kumwa kamodzi. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: mankhwalawa amapha tinjoka koma sapha mazira, ndipo mazirawo amatha kukhala amoyo pa zofunda mpaka masabata awiri. Choncho mumwenso pakatha masabata awiri, ndipo amwe onse a m'nyumbamo tsiku limodzi, ngakhale amene sakumva kanthu. Mayi woyembekezera ndi mwana wosakwana zaka ziwiri ayambe afunsa kuchipatala. Tsiku lomwa mankhwalalo chapani zofunda ndi makabudula amkati, osazikutumula m'nyumba chifukwa mazira amauluka ndi fumbi. Wengani zikhadabo za ana, ndipo aliyense azisamba m'mawa kuti mazira a usiku achoke.

Zikapitirira mutamwa kawiri konseko, ganizirani za chinyezi. Kutentha kwa mu Okutobala, kabudula wa nayiloni, kukhala tsiku lonse pa njinga ya kabaza, thukuta limafewetsa khungu n'kuyamba kunyerenyetsa. Timanyi totsalira nato timayabwitsa. Koma ambiri amene ndimalankhula nawo vuto lawo ndi ukhondo wopyola muyeso: kukhula ndi sopo wonunkhira, kupukuta mwamphamvu ndi nyuzipepala kapena chitsononkho mpaka khungu kusupuka. Tsukani ndi madzi okha, muumitse mosisita pang'ono ndi kansalu kofewa, mupake vaselini pang'ono, muvale kabudula wa thonje.

Khungu likafiira, m'mphepete mwake mukuoneka mzere ngati chipere, mwina ndi mafangasi. Musapake tija timachubu ta pamsika toyeretsa khungu, timaziziritsa masiku angapo kenako chipere chimakula. Mafangasi obwerabwera nthawi zina amaloza matenda a shuga, ndiye kayezetseni.

Mukaona magazi, chotupa, njerewere, chilonda chosapola, kapena mukuonda popanda chifukwa, musadikire masabata awiri aja. Pitani kuchipatala akakuoneni malowo, manyazi muwasiye pakhomo.