Dizilo wa jenereta amathera kuti?

Wina wafunsa kuti: "Abale, jenereta yathu ya 100 kVA ikumwa malita 5 pa ola, pomwe tikungoyatsa mababu, mafiriji ndi makompyuta. Sikirini ikuonetsa 10 kW basi. Dizilo yenseyu akupita kuti, kapena wina akutibera?"

Musamuthamangitse mlonda wanuyo akulu, palibe wakuba apa. Wakulakwirani ndi amene anakugulitsani chijenereta chachikulu chotere asanayeze n'komwe lodi yanu, kutanthauza magetsi onse amene zipangizo zanu zimakoka. Anthu amenewa amandikwiyitsa zedi. Amangoti "tengani yaikulu bwana, mudzakula nayo," ndalama alandira, basi apita, dizilo muzigula ndinu.

Lita imodzi ya dizilo ikapsa yonse imatulutsa mphamvu pafupifupi 10 kWh. Jenereta yabwino, itasenza katundu woyenera, imakupatsani magetsi okwana 3 mpaka 3.5 kWh pa lita imeneyo. Ndiye kuti pa malita atatu aliwonse, imodzi yokha ndi imene imasanduka magetsi, awiri enawo amangosanduka kutentha. Si kuti yawonongeka ayi, injini yotentha mafuta ndi mmene ilili. Ngakhale zikuluzikulu za m'mafakitale zimangopitirira 40 peresenti pang'ono.

Yanuyo tiiwerengere. 100 kVA ndi 80 kW, chifukwa timachulukitsa kVA ndi 0.8 kuti tipeze mphamvu yeniyeni yogwira ntchito, ndipo ogulitsa aja izi sakuuzani. Mutaisenzetsa 60 kW ingamwe malita pafupifupi 17 pa ola, ndiye 170 kWh yolowa. Pamenepo 60 yapita ku magetsi. Pafupifupi 55 imathawa ndi utsi ku ekizozi, utsi umene umatuluka uli pa madigiri 450 mpaka 550. Ina ngati 40 imatengedwa ndi madzi a mu injini n'kukatayidwa pa rediyeta, ndiyo mphepo yotentha imene fani imakuwombani nayo mukaima kutsogolo. Yotsalayo, ngati 15, ndi kutentha kwa chitsulo cha injini, mphamvu yozunguza fani, ndi mawaya a mu olutaneta, chigawo chopanga magetsi chija, amene amatentha akamadutsa magetsi.

Tsono inu muli pa 10 kW, ndipo apa ndiye pomvetsa chisoni. Injini iyenera kuzungulirabe ka 1500 pa mphindi kuti magetsi akhale pa 50 Hz, kaya mwayatsa babu limodzi kaya fakitale yonse. Mapisitoni akukhulabe, pampu ya oyilo ndi ya madzi zikuzungulira, fani ikupemerera mwamphamvu chimodzimodzi. Zonsezi zimadya malita awiri kapena atatu pa ola musanalumikize kanthu. Malita 5 anuwo ndi 50 kWh, mwatengapo 10. Ndi 2 kWh pa lita, 20 peresenti yokha, malita anayi pa asanu akungotenthetsa mpweya.

Ndipo vuto lalikulu kwambiri si dizilo wotayikayo ayi. Injini yoyenda nthawi yaitali pansi pa 30 peresenti ya mphamvu yake siitentha mokwanira mkati. Dizilo sapsa yense, amasakanikirana ndi mwaye n'kukhala phala lakuda ngati phula limene limadontha polumikizira mapaipi a ekizozi. Ambiri amayesa ndi oyilo, amaitana makaniko, makaniko naye amasintha magasiketi osalakwa n'kulipiritsa. Pitani mukaone yanuyo: pansi pa ekizozi pali madontho akuda onata, m'mawa imatulutsa utsi woyera kapena wabuluu wonunkha dizilo wosapsa, oyilo pa dipisitiki akumachuluka m'malo mochepa ndipo wasungunuka ngati madzi. Oyilo wochulukayo ndi dizilo wodutsa m'mbali mwa maring'i a mapisitoni kutsikira pansi. Milomo ya mainjekitala imatsekeka ndi mwaye, makoma a masilinda amasalala mpaka maring'i osagwiranso. Kenako tsiku limene mudzafune mphamvu yeniyeni, idzafuka utsi wakuda, kutsamwa, n'kuzima. Apo ndiye kumasula injini yonse.

Yezani nokha kaye. Dzazani thanki mpaka pakamwa, lembani kWh za pa mita, iyendeni maola anayi kapena asanu, dzazaninso ndi chigubu chodziwika malita ake. Werenganinso mita, chotsanipo kWh munalemba poyamba zija, zotsalazo mugawe ndi malita mwathirawo. Kupitirira 3 muli bwino. Mukapeza 2 pa lodi yanu yochepayi, ndi zimene tanenazi. Koma mukapeza 2 jenereta ili pa 70 peresenti, pamenepo yang'anani fyuluta ya mpweya, mainjekitala ndi mapaipi odontha, kenako muzikaikira anthu.

Pakadali pano muziisenzetsa 75 peresenti kwa ola limodzi kapena awiri mwa apo ndi apo, ngakhale ndi mahita, kuti mwayewo upse. Inde, kumeneko n'kuwononganso dizilo, koma ndi wotchipa kuposa maring'i. Njira yeniyeni ndi jenereta ya 20 kVA, imene pa 10 kW ingamwe malita atatu ndi pang'ono. Komabe musathamangire kugulitsa yaikuluyo ngati muli ndi pampu ya madzi kapena kompuresa, chifukwa mota ikamayamba imakoka magetsi kasanu kapena kasanu ndi kamodzi kuposa nthawi zonse, ndipo kajenereta kakang'ono kadzagwada pomwepo. Werengani mamota anu onse musanagule ina.