Musanapite kukadwazika mayi kumudzi, tengani kaye unzika

"Ndili ku Leeds, ku Britain, ndipo ndinapatsidwa chilolezo chokhazikika mu Marichi 2024. Mayi anga akudwala ku Ntcheu, ndikufuna ndipite ndikawasamalire, mwina zaka zitatu. Popeza pepala langa lilibe tsiku lothera, ndidzabwerera bwinobwino?"

Achemwali, pepani ndi matenda a mayi. Koma mukachoka lero n'kukakhala zaka zitatu, chilolezo chanucho mudzachipeza chitafa.

Chilolezo chokhazikikacho, Indefinite Leave to Remain, chomwe ambiri amangoti ILR, n'chilolezo cha mlendo. Mumagwira ntchito iliyonse, mumapita kuchipatala ngati wina aliyense, ndipo poti Malawi ali m'bungwe la Commonwealth, mumavotanso. N'chifukwa chake ambiri amadziona ngati nzika kale. Komatu lamulo limati mukakhala kunja kwa Britain zaka ziwiri zathunthu osapondako, chilolezocho chimatha chokha, popanda kalata yokuchenjezani. Mukanyamuka pa 10 Juni 2026, muyenera kukhala mutabwerera pofika 10 Juni 2028. Nzika ilibe malire otere, ikhoza kukhala ku Ntcheu zaka makumi awiri n'kudzalowa ndi pasipoti yake.

Chikatha, njira yotsala ndi viza ya Returning Resident, yomwe mumafunsira muli kunja komweko musanakwere ndege. Amafuna umboni woti moyo wanu udakali ku Britain, monga ana, mwamuna kapena nyumba, komanso chifukwa chomwe munakhalitsira kunja. Makalata a kuchipatala a mayi angathandize, koma akhoza kukukanani ndithu.

Ena amati muzingobwera sabata imodzi zaka ziwiri zisanakwane. Zoona, kuwerenga kumayambiranso, koma wa pachipata ali ndi mphamvu yokufunsani komwe mumakhala kwenikweni, ndipo ine sindingaike tsogolo lanu pamenepo.

Chimene chikundipweteka n'chakuti inu mwina muli kale pakhomo pa unzika. Amafuna kuti mukhale ndi ILR kwa miyezi 12, ndipo yanu inakwana mu Marichi 2025. Pa zaka zisanu zapitazo musakhale kuti munali kunja masiku oposa 450, ndipo pa miyezi 12 yomaliza asapose 90. Amaonanso ngati munali m'dzikomo tsiku lenileni lomwe linali zaka zisanu m'mbuyo kuchokera pa tsiku lomwe mukufunsira, choncho yang'anani zidindo ndi matikiti anu akale. Mukapita kaye kumudzi, masiku 450 aja mudzawadutsa m'chaka chachiwiri, ndipo pobwerera mudzadikiranso zaka zingapo kuti mbiri yanu iyere.

Ndiye funsirani tsopano, ndipo dziwani kuti mumakhala nzika pa mwambo wolumbira, osati pa tsiku lomwe kalata yovomera yafika. Pakadali pano mukhoza kukawaona mayi kwa masabata ochepa. Za Umalawi wanu musade nkhawa, lamulo linasinthidwa mu 2019 ndipo limalola unzika wa mayiko awiri, kungoti mukalembetse ku ofesi yoona za anthu olowa ndi otuluka m'dziko.