Dzina la pakatoni si limene wogula tchaja amalemba

"Ndimagulitsa matchaja a foni pa msika wa pa intaneti. Ndili ndi tchaja yabwino ya mawati 25, ya mutu ndi chingwe chake, ndipo ndinailemba monga momwe zalembedwera pakatoni: `PD Power Adapter High Quality New`. Padutsa milungu itatu, oiona ndi ochepa kwambiri. Kodi ndilembe mawu ati kuti anthu azindipeza?"

Mawu a pakatoni anawalemba a kufakitale, ndipo analembera anzawo odziwa za magetsi. Wogula wanu ndi munthu wina. Foni yake yatsala pang'ono kuzima, tchaja yasowa kapena chingwe chaduka pakhosi, ndipo zomwe akudziwa ndi ziwiri basi: dzina la foni yake ndi maonekedwe a kabowo kotchajira. Choncho amalemba `samsung charger`, `iphone charger`, kapena `type c charger`. Mawu oti `adapter` amawagwiritsa ntchito anthu ochepa, ndipo ena mwa iwo akufuna chinthu china, monga kachipangizo kosinthira mapulagi akakhala paulendo. Makina osakira a m'misika yambiri amayamba n'kuyerekeza mawu a wogula ndi mawu a mutu wa malonda. Pa mutu wanu palibe ngakhale liwu loti `charger`, ndiye makinawo angakupezeni bwanji?

Musandikhulupirire ine pa mawu oyenera, funsani bokosi losakira la msika womwewo. Lembani `charger` n'kusiya osadina kalikonse. Pansi pake patsika mndandanda wa mawu omwe makina akukulozerani, ndipo kawirikawiri amachokera ku zimene anthu ena akhala akulemba. Koperani zonse pa pepala. Kenako lembani `samsung ch`, `type c`, `25w`, `fast ch`, nthawi iliyonse mukukopera zomwe zatsika. Chitani zimenezi mutatuluka mu akaunti yanu, chifukwa apo ayi makina azingokubwezerani zomwe munasaka nokha dzulo, inu n'kumaganiza kuti ndi maganizo a dziko lonse. Ndipo musatengere mawu a pa Google. Kumeneko anthu amafunsa mafunso ataliatali, pamene pamsika amalemba mawu awiri kapena atatu ndipo chikwama ali nacho kale m'manja.

Mukatero mudzaona chinthu chimodzi chomwe ogulitsa ambiri amachiphonya. Dzina la akatswiri ndi `USB-C`, koma anthu wamba ambiri anazolowera `type c`. Makina a misika ina amadziwa kuti ndi chinthu chimodzi, ena sadziwa. Kuyesa n'kosavuta: sakani mawu onse awiri, muone ngati malonda otuluka ali ofanana. Akasiyana, ikani onse awiri pamutu. Akafanana, sungani malo, ikani limodzi.

Tsopano tibwere ku tchaja yanu, ndipo apa ndichedwapo pang'ono chifukwa ndi pomwe anthu amadzipweteka okha. Musanalembe liwu lililonse lonena za liwiro, tembenuzani mutu wa tchajayo muwerenge timalemba tating'ono pomwe palembedwa `Output`. Mawati amapezeka pochulukitsa mavolti ndi maampu. Mukaona `5V 2A` yokha, tchajayo ndi ya mawati 10, kaya katoni ikufuula zotani. Mukaona `9V 2.77A`, amenewo ndiwo mawati 25 enieni. Ndiye yang'ananinso ngati pali zilembo zoti `PPS`, zosonyeza kuti tchaja imatha kusintha mphamvu ya magetsi pang'onopang'ono malinga ndi zomwe foni ikufuna. Mafoni a Samsung amaonetsa `Super Fast Charging` pokhapokha tchaja ili ndi PPS. Tchaja ya PD, njira wamba yotchajira mofulumira pa USB-C, ikakhala yopanda PPS idzatchaja ndithu, koma mawu amenewo sadzatuluka pa sikilini. Mawu oti `super fast charger` ndi okopa chifukwa eni mafoniwo amawalembadi, koma mukawaika pa tchaja yopanda PPS, wogula alumikiza foni, sawaona, ndipo akubwezerani katundu atakulemberani ndemanga yoipa. Mawu omwe amabweretsa munthu wolakwika ndi oipa kuposa mawu osabweretsa aliyense.

Tiyerekeze kuti yanu ili ndi PPS, mutu wake uli ndi bowo la USB-C, ndipo chingwe ndi cha C mbali zonse ziwiri, chotalika mita imodzi. Mutu wa malonda ungakhale wotere:

```
25W Type C Fast Charger for Samsung Galaxy A54 S23, USB-C Cable 1m
```

Onani dongosolo lake. Zofunika kwambiri zili kutsogolo, chifukwa pa sikilini ya foni mutu wautali umadulidwa ndipo wogula amaona mawu oyambirira okha. Misika ina imachepetsanso malo yokha, mwachitsanzo eBay imalola zilembo 80 basi. N'chifukwa chake `High Quality` ndi `New` ndawachotsa. Sindinamvepo munthu akusaka tchaja polemba kuti akufuna yabwino, ngati kuti alipo wofuna yoipa. Zoti katundu ndi watsopano zili ndi malo ake odzaza pa fomu, ndipo malo amenewo, a mtundu wa bowo, mawati ndi zina, muwadzaze onse, pakuti wogula akasefa zotsatira amene sanadzaze amasowa.

Kaliwu koti `for` musakapeputse. Ngati tchajayo sinapangidwe ndi Samsung, kulemba `Samsung charger` kapena `original` ndi kunama, ndipo misika yambiri imachotsa malonda otero ngakhale kutseka akaunti. `for Samsung` ikunena zoona, komanso makina akumapezabe dzinalo.

Nanga iPhone, muiikepo? Apa m'pofunika kudziwa mbiri pang'ono. Kuyambira pa iPhone 5 mu 2012 mpaka pa iPhone 14, bowo lake linali la Lightning. Kuyambira pa iPhone 15 mu 2023 ndi la USB-C. Ndiye munthu wolemba `iphone charger` angakhale ali ndi bowo lililonse mwa awiriwa, ndipo chingwe chanu chikwana kwa eni ake a 15 kupita m'tsogolo okha. Mukafuna msika umenewo lembani nambala yake, `iPhone 15`, osati `iPhone` yokha. Ine ndikanatsegula malonda ena apadera a iPhone m'malo mopanikiza mayina onse pa mutu umodzi, ngati malamulo a msika wanu amalola. Mutu wodzaza mayina khumi a mafoni umaoneka ngati wa munthu wosadziwa chomwe akugulitsa.

Palinso anthu ofuna mutu wa tchaja wokha, chifukwa Apple inasiya kuika mutu wa tchaja mukatoni mu 2020, ndipo Samsung inatsatira pa Galaxy S21 mu 2021, koma chingwe amachiikabe. Amenewa amatchula mutuwo mosiyanasiyana malinga ndi dziko: `charger head`, `wall charger`, `charging block`, `plug`. Bokosi losakira lija ndilo likuuzeni lomwe limamveka kwanuko.

Mukasintha mutu wa malonda, musasinthenso chithunzi kapena mtengo tsiku lomwelo, kuti mudziwe chomwe chathandiza. Dikirani milungu iwiri, kenako onani manambala a mu akaunti yanu. Ngati malonda akuonekera kwa anthu ochepabe, mawu sanagwire, bwererani ku pepala lija mukasankhe ena. Ngati akuonekera kwa ambiri koma sakudina, mawu ali bwino, vuto ndi chithunzi kapena mtengo. Ngati akugula koma akubweza, pali liwu pamutu lomwe likulonjeza zomwe tchaja sichita, ndipo ine ndikanayamba kukayikira liwu lonena za liwiro kapena dzina la foni.