Muli ndi digiri ndi laputopu koma ntchito palibe? Yambani ndi mabuku a mashopu ang'onoang'ono

Wina wandifunsa kuti: "Ndinamaliza digiri chaka chatha. Makalata ofunsira ntchito ndatumiza ambirimbiri koma palibe wandiitana. Chomwe ndili nacho ndi laputopu basi. Ndingachite nayo chiyani kuti ndizipezako kangachepe?"

Anthu ambiri akuuzani za ntchito za pa intaneti zochokera kutali. Zilipodi, koma olimbirana ndi ochuluka, ndipo munthu wopanda mbiri ya ntchito amatha miyezi asanapeze kasitomala woyamba. Ine ndikulozerani ntchito imene ili pafupi ndi inu, yosafuna mpamba, komanso yobwerezabwereza mwezi ndi mwezi: kusunga mabuku a katundu ndi phindu a mashopu ang'onoang'ono. Eni mashopu ambiri amadziwa ndalama zimene zalowa tsiku limenelo, koma sadziwa katundu amene akuwapindulitsa, amene akungogona pashelefu, ndi amene akusowa mosadziwika. Kulemba ntchito akauntanti wokhazikika sangakwanitse. Mpata wanu uli pamenepo.

Zofunika ndi Excel, Google Sheets, kapena LibreOffice Calc, imene ndi yaulere ndipo imagwira popanda intaneti. Pa shopu iliyonse tsegulani fayilo imodzi yokhala ndi masamba anayi. Tsamba la Katundu likhale ndi nambala ya chinthu mu kolamu A, dzina lake mu B, kuchuluka kwake pa tsiku loyamba mu C, kenako mtengo wogulira ndi wogulitsira. Masamba a Zolowa ndi Zotuluka akhale ndi deti mu A, nambala ya chinthu mu B, kuchuluka mu C. Tsamba lachinayi ndi la Ngongole: watenga ndani, liti, zingati, wabweza zingati. Katundu amene akuyenera kutsala mumamupeza ndi fomula iyi, yolembedwa pa tsamba la Katundu:

```
=C2+SUMIF(Zolowa!B:B,A2,Zolowa!C:C)-SUMIF(Zotuluka!B:B,A2,Zotuluka!C:C)
```

Umu ndi mmene imalembedwera mu Excel ndi Google Sheets. Mu LibreOffice Calc, pamalo pa ! pamakhala kadontho.

Tsiku loyamba si la laputopu ayi, ndi lowerenga katundu ndi manja, inu ndi mwini shopu limodzi, shopu isanatsegulidwe kapena itatsekedwa. Mukalakwitsa chiwerengero choyambira, zonse zotsatira zidzakhala zabodza ngakhale fomula ikhale yolondola. Musayambe ndi katundu yense. Sankhani zinthu 20 kapena 30 zimene zimayenda kwambiri kapena zodula, zinazo muziwonjezera pang'onopang'ono. Wogulitsa mumusiyire kope lokhala ndi mizere yofanana ndi tsamba la Zotuluka, inu muzibwera kamodzi pa sabata kudzalowetsa zolembedwazo ndi malisiti a zogula.

Tiyeni titenge chitsanzo. Shopu yogulitsa zipangizo zomangira inali ndi maloko 40 pa tsiku loyamba. M'mwezimo mwini wake anaoda ena 60, ndipo kope likusonyeza kuti agulitsidwa 72. Fomula ikupatsani 28. Mukawerenga pashelefu mukupeza 23. Maloko 5 palibe. Ngati loko iliyonse inagulidwa pa 100 n'kumagulitsidwa pa 130, mwini shopu akuganiza kuti wapindula 30 kuchulukitsa ndi 72, zimene ndi 2,160. Koma maloko osowawo anawagula ndi 500, choncho phindu latsika kufika pa 1,660, ndipo apa sitinachotse zoyendera, lendi ndi malipiro a wogulitsa. Muwonetseninso kuti 30 imene amaikapo ndi 30 peresenti ya mtengo wogulira, koma pa ndalama zimene amalandira pogulitsa ndi pafupifupi 23 peresenti yokha. Ambiri amasokoneza ziwirizi, n'kumatapa ndalama m'bizinesi poganiza kuti ndi phindu pamene akudya mpamba.

Apa ndi pofunika nzeru kuposa fomula. Musathamangire kunena kuti wogulitsa akuba. Mukatero mwadzipangira mdani amene ali ndi kope limene ntchito yanu yonse ikudalira, ndipo mwina mwanamizira munthu wosalakwa. Yambani ndi kufufuza zolakwika zanu: kodi simunalembe lisiti imodzi kawiri? Kenako funsani ngati wogulitsa katundu wa pikulitsa anabweretsadi 60 yense monga mwa lisiti, ngati pali katundu amene anatengedwa pa ngongole osalembedwa, ngati mwini shopu kapena m'bale wake anatengako, ngati ena anawonongeka kapena kubwezedwa. Onaninso chinthu china chofanana nacho: ngati maloko aakulu akusowa 5 pamene aang'ono achuluka ndi 5, ndiye kuti wogulitsa anangosokoneza polemba. Zonsezi zikakanika, perekani chiwerengero kwa mwini wake, chigamulo chikhale chake.

Pa laputopu penipeni, zosokoneza zimene zimabwera kawirikawiri ndi zitatu. Mukamagwiritsa ntchito mayina m'malo mwa manambala, tsiku lina mulemba "loko yaikulu", lina "loko wamkulu", ndipo SUMIF iziona ngati zinthu ziwiri zosiyana. N'chifukwa chake chinthu chilichonse chimafunika nambala yakeyake, ndipo ndi bwino kugwiritsa ntchito Data Validation kuti nambalayo muzingosankha pa mndandanda. Chachiwiri, nambala imatha kulowa ngati mawu, makamaka mukalemba "12 pcs" kapena mukakopera kwina, ndipo fomula imangoidumpha osadandaula. Chizindikiro chake n'chakuti imakhala kumanzere kwa kabokosi pamene manambala enieni amakhala kumanja. Chachitatu ndi madeti: 03/04 ikhoza kuwerengedwa ngati 3 Epulo kapena 4 Marichi malinga ndi mmene laputopu inatcheredwera. Lembani chaka, mwezi, tsiku, monga 2025-04-03. Ndipo sabata iliyonse sungani fayilo pamalo awiri, pa fulashi ndi pa intaneti, chifukwa laputopu ikabedwa kapena kufa muli ndi mabuku a anthu asanu, mwataya makasitomala onse tsiku limodzi.

Chimene mwini shopu akulipirira si fayilo. Ndi pepala limodzi la kumapeto kwa mwezi, losavuta kuwerenga: zinthu zisanu zopindulitsa kwambiri, zimene sizinayende mwezi wonse, zimene zatsala pang'ono kutha, zosowa, ndi angongole amene adutsa masiku 30. Mukhale naye pansi mumufotokozere pakamwa.

Kasitomala woyamba mumupeze pa anthu amene akukudziwani kale, chifukwa palibe amaonetsa mlendo ndalama zake. Mugwirire milungu iwiri kwaulere pa zinthu 10 zokha, kenako mugwirizane malipiro a pamwezi, olembedwa papepala pamodzi ndi tsiku lolipira ndi zimene muzichita. Poika mtengo werengani maola: shopu imodzi ikakhazikika ingakudyereni maola atatu kapena anayi pa sabata, kuphatikizapo kuyenda, choncho mashopu asanu oyandikana amakusiyirani nthawi yopitiriza kufunsira ntchito. Za shopu ina musakazitchule kwina, ngakhale pofuna kukopa kasitomala watsopano. Chitsanzo choonetsa anthu chikhale cha manambala ongopeka.

Dziwaninso malire anu. Kulemba zolowa ndi zotuluka n'kosiyana ndi kusainira malipoti a chuma kapena kulangiza za misonkho, zimene m'maiko ambiri zimafuna munthu wa chiphaso chake. Kasitomala akafuna zimenezo, mukonzereni mabuku ake bwinobwino n'kumutumiza kwa akauntanti wovomerezeka. Akauntanti amene walandira mabuku osalala kuchokera kwa inu ndi amene angakutumizireni makasitomala ena, kapena kukulemberani kalata yokuchitirani umboni pofunsira ntchito.