Disiki imodzi yafa, kodi kugula ina kungadikire?

"Mainvoisi, malisiti ndi zithunzi za makasitomala ndimasunga pa kabokosi kosungira mafayilo pa netiweki, ka NAS, kunyumba. Muli madisiki awiri a 4 TB okoperana, ndipo ndinawagula limodzi zaka zinayi zapitazo. Tsopano kakungolira, kalemba kuti `Degraded`, koma mafayilo akutseguka bwinobwino. Mwezi uno m'thumba mwauma. Ndidikire kaye?"

Mafayilo akutseguka chifukwa disiki yotsalayo ikusenza yokha katundu wa awiri. Pa RAID 1, dongosolo la madisiki okoperana ngati anuwa, chilichonse chimalembedwa kawiri, ndiye imodzi ikafa ntchito siima, koma kope lachiwiri lija lapita. Mabuku onse a bizinesi yanu ali pa disiki imodzi, yokalamba mofanana ndi inzake yafayo, yomwe yazungulira maola omwewo m'kutentha komweko.

Musanatulutse ndalama, koperani lero lomwe. Pezani disiki yakunja ya USB, ngakhale yobwereka, muyambe ndi zimene simungazipangenso: mndandanda wa okukongolani, malisiti a msonkho, ntchito za makasitomala zosaperekedwa. Mafilimu abwere pomaliza.

Ndikuumirira zimenezi chifukwa ngozi yaikulu imabwera pokonza. Mukalowetsa disiki yatsopano, makina amawerenga yotsalayo kuchokera koyamba mpaka kumapeto, ngakhale mbali zimene sizinakhudzidwe kwa zaka. Pa liwiro la 150 MB pa sekondi, 4 TB imatenga maola oposa asanu ndi awiri mosapuma, ndipo nthawi imatalika ngati mukugwiritsa ntchito kabokosiko. Disiki yofooka ikhoza kugonjera pamenepa, kukopera kuli pakati. Choncho onani kaye lipoti la thanzi la disiki yotsalayo, lotchedwa S.M.A.R.T. M'lipotimo muli manambala osonyeza malo owonongeka pa disiki: ngati `Current_Pending_Sector` si 0, kapena `Reallocated_Sector_Ct` ikukwera, nayonso ikudwala, ndipo konzekerani kugula awiri.

Mukakopera, ndipo lipoti likakhala loyera, kudikira masabata angapo si tsoka, bola muzikopera zatsopano tsiku lililonse. Musanakopere, sindingakuloleni ngakhale sabata.

Pogula, tengani ya 4 TB kapena kuposa. Yocheperako makina aikana, ndipo ya 8 TB ikupatsani malo a 4 TB okha mpaka mutasinthanso inzake, ndiye musawononge ndalama. Funsani ya mtundu wa CMR, chifukwa ya SMR imachedwa kwambiri pa ntchito yolemba mosalekeza ngati imeneyi. Waranti ya madisiki ambiri a NAS ndi zaka zitatu, mwina yanu inatha, komabe kufufuza ndi nambala yake ya siriyo n'kwaulere.

Nambala yomweyo ndi imene ikupulumutseni pochotsa. Lembani papepala nambala ya disiki imene makina akuti yafa, muzimitse kabokosiko, muyerekeze ndi yolembedwa pa disikiyo musanaisolole, popeza awiriwa amaoneka ngati mapasa. Mukalowetsa yatsopano n'kuyatsanso, sankhani `Repair` kapena `Rebuild`. Mukaona uthenga wofuna kufufuta disiki, werenganinso nambalayo musanavomere.