Silopu ya 7.5 ikutanthauzanji?

"Anzanga, ana asanu anawerenga maola 1, 2, 3, 4 ndi 5, napeza malikisi 40, 50, 50, 65 ndi 70. Mzere wa lisiti sikweya ndiupeza bwanji popanda kompyuta, nanga silopu yake ndiifotokoza bwanji?"

Tengani pepala tichitire limodzi. Maola tiwatche x, malikisi y. Yambani ndi avereji: ya maola ndi 3, ya malikisi ndi 275 kugawa ndi 5, yomwe ndi 55. Mzere wanu udutsa pa (3, 55) zivute zitani, ndiye chatsala n'kupeza kupendekeka kwake, komwe ndi silopu.

Pa mwana aliyense chotserani averejiyo. Maola akhala -2, -1, 0, 1, 2, malikisi akhala -15, -5, -5, 10, 15. Chulukitsani awiriawiri: -2 ndi -15 apereka 30, kenako 5, 0, 10 ndi 30, zonse pamodzi 75. Samalani ndi mayinasi, ambiri amagwera pomwepa. Tsopano nambala za maola zija muzichulukitse iliyonse ndi iyo yomwe: 4, 1, 0, 1, 4, pamodzi 10. Silopu ndi 75 kugawa ndi 10, ndiye kuti 7.5. Poyambira mzere ndi 55 kuchotsera 7.5 katatu, kutsala 32.5.

y = 32.5 + 7.5x

Musanakhulupirire, yesani. Mzerewu ukupereka 40, 47.5, 55, 62.5 ndi 70. Chotserani zimenezi pa malikisi enieni: 0, 2.5, -5, 2.5, 0. Zotsalazi mukaziphatikiza ziyenera kupereka ziro. Zikakana, mwaphonya penapake. Masikweya ake akukwana 37.5, ndipo palibe mzere wina wowongoka womwe ungapereke nambala yocheperapo. Dzina la njirayi, lisiti sikweya, kutanthauza masikweya ochepetsetsa, lachokera pamenepo.

Tsono tanthauzo, lomwe kwa ine ndiye nkhani yaikulu. Lembani kuti pakati pa ana asanuwa, wowerenga ola limodzi kuposa mnzake amapeza malikisi 7.5 ochulukirapo, tikatenga avereji. Sikuti mwana aliyense atero: onani wa maola 2 ndi wa maola 3, onse ali pa 50. Musalembenso kuti kuwerengako ndiko kwakweza malikisi. Mwina owerenga nthawi yaitali ndi omwe ankalimva kale phunzirolo, ndipo mzere sungasiyanitse ziwirizi.

Osaupitiriza kutali ndi maola 1 mpaka 5. Mukaika maola 10 mupeza 107.5, pomwe mayeso ngati ali a malikisi 100 zimenezo sizingatheke.

China chomwe ndikufuna muone: ana akakhala ochepa chonchi, a kumapeto ndiwo amakoka mzere. Wa maola 5 akanapeza 40 m'malo mwa 70, silopu ikanagwa kufika pa 1.5. Koma wa maola 3 mumusinthire malikisi mmene mungafunire, silopu siisuntha, chifukwa nambala yake ikuchulukitsidwa ndi ziro. Ndiye jambulani madontho asanuwo pa girafu, muonetsetse kuti awiri a kumapetowo mwawakopera bwino.