Kodi "anadzala" si nthawi yam'tsogolo?

"Pa mafunso osankha yankho ndinasankha 'anadzala' ngati nthawi yam'tsogolo poti muli -dza-, koma ndinalakwa. Chifukwa chiyani?"

Achimwene, -dza- ameneyo wakupusitsani. Yambani mwapeza tsinde la mneni, kenako muone kaphatikizo kamene kali pakati pa mwininkhani ndi tsindelo. Mu "anadzala" tsinde ndi -dzala, la kudzala mbewu, ndiye chotsala ndi a-na-. Kameneka ka -na- ndi ka nthawi yakale. Yam'tsogolo ikanakhala "adzadzala", -dza- kawiri.

Chimene chimandivuta ine ndi -ma-. "Amadzala chimanga chaka chilichonse" ndi chizolowezi, koma "amadzala pamene mvula inayamba" ndi zakale. Polankhula timasiyanitsa ndi kamvekedwe ka mawu, koma papepala zimalembedwa chimodzimodzi, choncho werengani chiganizo chonse musanasankhe. Mukaona "ankadzala" musakayike, ndi zakale basi.